Pamene Mbali Ziwiri za Mabuku Zikana Kulingana



Pa kutha kwa temu, msungi wa cuma ca sitolo ya pasukulu amalemba pa pepala limodzi zotsala za akaunti iri yonse ya m'leja. Pepala limeneli a m'maofesi amaliti tiraya balansi. Kumanzere, ku debiti, kumapita zimene sitolo iri nazo, zimene yagula kapena kulipira, ndi ngongole zimene anthu ali nazo kwa iyo. Kumanja, ku kirediti, kumapita ndalama zoyambira, zogulitsa, ndi ngongole zimene sitolo iri nazo kwa ena. Popeza ndalama iri yonse imalembedwa kawiri, kamodzi kumanzere ndi kamodzi kumanja, mbali ziwirizi ziyenera kulingana. Zikapanda kulingana, kusiyana kwace ndiko kumene kumaloza kolakwa.

Mphunzitsi wina, msungi wa sitolo yogulitsa makope, mapensulo ndi sopo, analemba kumanzere motere: ndalama za m'bokosi K1,250, katundu wogula K3,600, ngongole za aphunzitsi K450, zolipira galimoto K210, ndi mwini sitolo wa ku Chipata K320. Zonse pamodzi zinakwana K5,830. Kumanja analemba ndalama zoyambira K1,500 ndi zogulitsa K3,780, ndizo K5,280. Kusiyana kunali K550.

Poyamba anaonkhetsanso, kuyambira pansi kunka kumwamba, cifukwa munthu akabwereza njira yomweyo amaphunthwa pa citsa comweco. Mayankho sanasinthe. Pamenepo anafunafuna m'leja akaunti yotsala ndi K550, poganiza kuti mwina anaiiwala poikopera. Sanaipeze.

Atatero anagawa kusiyanako pakati. Cifukwa cace ndi ici: ndalama ikalembedwa ku mbali yolakwika, imasowa uku ndi kuonjezeka uko, kotero imasiyanitsa mbalizo kawiri. Theka la K550 ndilo K275, koma panalibe akaunti ya K275. Anayesanso kugawa ndi 9, pakuti manambala awiri akasinthana malo, monga 63 kulembedwa 36, kusiyana kwace kumagawika ndi 9 nthawi zonse. Koma 550 sagawika ndi 9.

Apa ndi pamene asungi ambiri amataya mtima, nayamba kukaikira ana ogulitsa m'sitolo. Kutero ndi kupupuluma. Pepala ili siliwerenga ndalama za m'bokosi, limangoyesa kalembedwe, ndipo njira zitatu zija zimagwira nchito bwino pamene colakwa ciri cimodzi cokha. Zikakana zonse, msungi aganize kuti zolakwa ziripo ziwiri kapena zoposa, zimene zasanganiza manambala ao.

Mphunzitsi uja anasiya kuonkhetsa, nayamba kufunsa mzere uli wonse ngati uli kwao. Atafika pa mwini sitolo wa ku Chipata, anakumbukira kuti munthuyu sanakongole kanthu. Sukulu ndiyo inatenga makope kwa iye osalipira. K320 inayenera kukhala kumanja. Ataisuntha, kumanzere kunatsala K5,510, kumanja kunakhala K5,600, ndipo kusiyana kunatsika kufika pa K90.

Tsopano nambala inayamba kulankhula. 90 kugawa ndi 9 yankho ndi 10, ndipo 10 ameneyu amanena zinthu ziwiri. Ziro wace asonyeza kuti osinthanawo ndi a pa malo a makumi ndi mazana; 1 wace asonyeza kuti manambalawo asiyana ndi cimodzi cokha, monga 2 ndi 1, kapena 4 ndi 5. Pa pepala panali mizere ingapo yotere, koma mbali yoperewera inali ya kumanzere, motero anayamba kumeneko. K210 inalingana ndi ya m'leja. Pa tsamba la ngongole za aphunzitsi anapeza K540, pamene iye anakopera K450. Atakonza, mbali zonse ziwiri zinakwana K5,600. Njira ya 9 imeneyi inali yobvuta cisanafike caka ca 1968, pamene dziko lino linali kuwerenga mapaundi, masheleni ndi mapeni. Ndalama zowerengedwa m'makumi zinaipeputsa kwambiri.

Komabe mabuku ace sanali olungama konse. Patapita sabata, mphunzitsi wa giredi 4 anadandaula kuti anamulembera K60 ya sopo amene iye sanatenge. Sopoyo anatenga ndi mnzace wa giredi 6. Ngongoleyo inalembedwa ku mbali yoyenera, ndalama yacenso yoona, koma pa dzina lolakwika, ndipo colakwa cotere pepala loyesera silingacione konse. Silionanso malonda amene sanalembedwe ku mbali zonse ziwiri. Zimenezi zimapezeka pokha-pokha msungi akayerekeza leja ndi malisiti, ndi kuonetsa wangongole ali yense tsamba lace temu isanatsekedwe.