KULETSA MWANA KUYAMWA MOSAM'ZUNZA

Mwana akakwanitsa caka ndi theka, anthu amayamba kufunsa mai wace kuti, “Kodi ameneyu adzaleka liti bere?” Amai ambiri, potopa ndi mafunso otere, amaletsa mwana tsiku limodzi lokha. Ena apaka tsabola kapena mankhwala owawa kumawere, ena atumiza mwana kwa ambuya ace kumudzi. Mwana alekadi, koma kawirikawiri patsala mabvuto awiri: mwana aonda ndipo mawere a mai atupa. Njira yabwino ndiyo kucotsa nthawi zoyamwa imodziimodzi, pa masabata asanu kapena asanu ndi limodzi.

Coyamba, palibe cifukwa cofulumirira. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse lilangiza kuti mwana ayamwe kufikira zaka ziwiri kapena kupitirira. M'caka cace caciwiri, mkaka wa m'mawere ungathe kum'patsa gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu imene thupi lace lifuna. Tsono mwana akaleka mwadzidzidzi, gawo limenelo lisowa, ndipo nsima yoviika m'msuzi singathe kulibwezera. M'caka ca 1933 dokotala Cicely Williams, amene anali kugwira nchito m'dziko limene tsopano lichedwa Ghana, analemba za nthenda ya ana oletsedwa kuyamwa ndi kudyetsedwa phala la cimanga lokhalokha. Mu 1935 anaichula ndi dzina la anthu a komweko, kwashiokoro, ndiko kunena nthenda yogwira mwana amene walandidwa bere ndi mng'ono wace. Ngakhale mai ataima, mkaka wace suonongeka monga anena ena. Ngati pakati pali bwino, angathe kuyamwitsabe ndi kuletsa mwana mosathamanga.

Cifukwa cina ciri m'thupi la mai. Bere lipanga mkaka monga mwa muyeso wa mkaka umene ucotsedwamo. Mwana akayamwa kasanu pa tsiku, bere likonza wa kasanu. Akayamba kuyamwa kanai, pakapita masiku owerengeka bere lizolowera ndi kucepetsa lokha. Koma zonse zisanu zikalekeka pamodzi, mkaka uunjikana, bere liuma gwa ngati mwala, ndipo nthawi zina licita cotupa.

Nayi nkhani yofanizira. Mai wina wa m'komboni ya pamgodi ali ndi mwana wa caka ndi miyezi isanu ndi itatu, woyamwa kasanu: m'bandakuca, dzuwa litakwera, masana pofuna kugona, madzulo pogona, ndi pakati pa usiku. Mlungu woyamba mai acotsa kuyamwa kwa dzuwa litakwera, popeza mwana sakusamala kwenikweni. Sam'kaniza mwaukali ai, koma am'tsogolera: nthawi isanakwane am'patsa nthoci kapena mbatata yophika, ndi madzi m'kapu, nam'tulutsa panja kukasewera. Iye mwini sakhala pa mphasa pamene azolowera kuyamwitsira, cifukwa mwana akaona malowo akumbukira bere.

Mlungu waciwiri acotsa kuyamwa kwa masana. Mwana akadya nsima, mai am'bereka kumbuyo ndi citenje kufikira atagona. M'mlungu wacitatu mwana atsegula m'mimba nakana cakudya. Pamenepa mai aimitsa zonse, am'lola kuyamwa monga afunira, am'mwetsa madzi a mcere ndi shuga a kukiliniki. Pakuti mwana wodwala amene akana zina zonse kawirikawiri alandirabe bere. Atacira ndi kuyambanso kudya bwino, mai apitiriza.

Kuyamwa kwa pakati pa usiku ndiko kofuna atate. Mai adikira mlungu umene mwamuna wace ali pa shifiti ya usana, kuti usiku akhale panyumba. Mwana akadzuka, atate ndiwo am'nyamula, am'patsa madzi m'kapu ndi kum'tonthoza. Usiku uwiri kapena utatu woyamba mwana alira, koma alirira m'manja mwa kholo lace, ndipo posacedwa azolowera. Pambuyo pace mai acotsa kwa m'bandakuca mwa kudzuka msanga ndi kuphika phala mwana asanapenye. Kwa madzulo kutsala kotsiriza. Mai akufupikitsa tsiku ndi tsiku, nauza mwana poyera kuti, “Uyamwe pang'ono, kenaka tigone,” popeza mwana wa msinkhu uwu amva mau ambiri koposa amene anena. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Paliponse pamene bere lacoka, cakudya cilowepo. Mwana wa caka cimodzi kufikira ziwiri adye katatu kapena kanai pa tsiku, nthawi iri yonse pafupifupi kapu yodzala ya mamililita 250, ndi tina tapakati kamodzi kapena kawiri. Akalekeratu kuyamwa, aonjezere kudya kamodzi kapena kawiri, ndi kapu imodzi kapena ziwiri za mkaka wa ng'ombe wowiritsa ngati upezeka. Mimba yace njaing'ono, cotero phala lamadzimadzi liidzaza osam'patsa mphamvu. Phala labwino ndi lolimba, losayoyoka msanga supuni ikapendekeka, lothirako nsinjiro, kapenta wosinja, dzira kapena supuni yaing'ono ya mafuta ophikira. Akhale ndi mbale yaceyace, kuti mai aone cimene wadya. M'mbale ya onse akulu amatha ndiwo iye asanakhute. Tiyi ndi zakumwa za shuga si cakudya: zingotseka njala.

Mawere a mai akalemera, akameko ndi dzanja pang'ono pokha, kufikira kupweteka kutacepa, naikepo nsaru yoviika m'madzi ozizira. Asakame wonse, cifukwa bere lidzapanganso wambiri. Ndiponso asamange cifuwa colimba ndi nsaru. Malo ena a bere akatentha, kufiira kapena kuwala, mai namva kuzizidwa ndi kutentha thupi, ndipo tsiku lathunthu lapita osasintha, apite kucipatala. Timadontho ta mkaka tingaonekebe kwa masabata kapena miyezi. Zimenezo si nthenda. Mai amene ali ndi kacirombo ka HIV apangane ndi anamwino za nthawi yoletsa, aletse mosafulumira, ndipo asaleke kumwa mankhwala ace.

Kodi makolo adziwa bwanji kuti afulumiza? Mwana amene ayamba kukangamira mai tsiku lonse, kudzuka kawirikawiri ndi kukana cakudya, aonetsa kuti zam'culukira. Mai abwezere kuyamwa kumene anacotsa komaliza, nayesenso pakapita mlungu. Cifukwa ca ici si bwino kuyamba pamene banja lisamuka nyumba, kapena mai ali pafupi kupita ulendo. Mboni ina yosanama ndi sikelo ya kukiliniki ya ana. Mzere wa pa khadi uyenera kukwerabe. Ukaima kapena kutsika, anamwino auzidwe zimene mwana akudya.

Koma mapazi akatupa, kotero kuti cala cikasindikiza pasiya kadzenje, tsitsi likafiira ndi kusosoka, khungu likasupuka, mwana nangokhala ndwii osafuna kusewera, imeneyo ndiyo kwashiokoro. Kutupako si kunenepa ai, ndipo nthendayo singacizidwe panyumba. Mwana wotere apite naye kucipatala tsiku lomwelo.