KUONETSA ZA M'FONI PA WAILESI YA KANEMA

Nkhani yokambidwa pa wailesi, yolembedwanso kuti amene sanaimve aiwerenge.

Lero tikamba ndi anzathu a kwa Mkanda m'boma la Mchinji, ndi onse amene afuna kuti zithunzi za m'foni zioneke pa wailesi ya kanema. Anthu ambiri ataya ndalama zao pogula chingwe pamsika, kapena kuyitanitsa ku Chipata, nafika nacho kunyumba osaona kanthu. Mau oyenera kuwasunga ndi awa: chingwe chikalowa bwino m'bowo, sindiye kuti chigwira ntchito.

Poyamba yang'anani bowo limene mumatchajira foni yanu. Mabowo alipo a mitundu itatu. Loyamba ndi micro-USB, limene chingwe chimalowa mbali imodzi yokha. Lachiwiri ndi USB-C, lobulungira m'mbali, limene chingwe chimalowa ngakhale mutachitembenuza. Lachitatu ndi Lightning, la mafoni a iPhone akale. Kuyambira pa iPhone 15 ya mu 2023 naonso ali ndi USB-C.

Tsono apa ndi pamene ambiri amaphonya. Mafoni awiri angakhale ndi bowo lofanana la USB-C, koma ina nkutulutsa zithunzi, ina ai. Chimene chimatulutsa zithunzi chili m'kati mwa foni, ndipo chingwe sichingachiikemo. Dzina lake ndi DisplayPort Alt Mode. Samsung Galaxy S8 ya mu 2017 ili nacho, S9 ndi S10 chimodzimodzi. Mafoni ambiri otsika mtengo a itel, Tecno ndi Galaxy A alibe. A micro-USB ndi owerengeka okha amene amatha, monga Galaxy S4, ndipo amafuna adaputa yolembedwa MHL. Chifukwa chake musalipire musanayese. Pitani ndi foni yanu kwa wogulitsa, aonetse zithunzi pa kanema wake inu muli pomwepo.

Kenaka yang'anani kumbuyo kwa kanema. Akanema atsopano ali ndi bowo lolembedwa HDMI. Akale aja a chimbuyo chachikulu ali ndi mabowo atatu ozungulira olembedwa AV: lachikasu ndi la chithunzi, loyera ndi lofiira ndi a mau. Bowo lolembedwa USB lisakunyengeni. Ntchito yake ndi kuwerenga fulashi, ndipo mukalumikizapo foni, kawirikawiri imangotchaja.

Tiyerekeze kuti kalabu ya alimi kwa Mkanda ifuna kuonera filimu ya kaumitsidwe ka mtedza kuti usagwidwe chuku. Filimuyo ili mu Galaxy S9 ya mlangizi, ndipo kanema ndi wakale wa mabowo atatu. Pafunika zinthu zinai: adaputa yochokera ku USB-C kupita ku HDMI, chingwe cha HDMI, kabokosi kosandutsa HDMI kukhala AV, ndi chingwe cha mitu itatu. Kabokosiko kawerengeni bwino. Kakhale kolembedwa HDMI2AV. Kalipo kena kofanana nako kolembedwa AV2HDMI, kamene kamayenda chobwerera ndipo sikangakuthandizeni.

Lumikizani motere. Mitu itatu ilowe m'kanema ndi m'kabokosi, mtundu pa mtundu unzake. Kabokosi kapatseni moto wa mavoti 5 ndi tchaja ya foni, pakuti popanda moto sikadzuka. Pambali pake pali kaswitchi kolembedwa PAL ndi NTSC; kaikeni pa PAL, pakuti ndiyo njira ya akanema a kuno kwathu. Chingwe cha HDMI chichoke m'kabokosi kupita mu adaputa, ndipo adaputa ilowe m'foni pomalizira. Tengani rimoti, dinani batani la Source kapena Input, musankhe AV. Kanema akakhala watsopano, kabokosi sikafunika: chingwe cha HDMI chimalowa m'kanema momwemo, ndipo musankhe nambala ya bowo limene mwalowetsamo, HDMI 1 kapena HDMI 2.

Zikakanika musathamangire kunena kuti chingwe ndi chakufa. Kanema akalemba No Signal, onani ngati mwasankha bowo loyenera ndiponso ngati kabokosi kali ndi moto. Mau akamamveka popanda chithunzi, mutu wachikasu walowa polakwika kapena sunalowe wonse. Chithunzi chikakhala chopanda mitundu kapena chikamathamanga kukwera m'mwamba, kaswitchi kali pa NTSC. Chikaoneka chaching'ono pakati, goneketsani foni cham'mbali, mutalola kuti chithunzi chizitembenuka. Zonse zikakhala m'malo mwake koma osaoneka kanthu, yesani foni ina. Ikaonetsa, dziwani kuti yoyambayo ilibe mphamvu yotulutsa zithunzi. Pamenepo musagulenso chingwe china. Koperani filimuyo mu fulashi, muionere pa kanema kapena pa deki ya bowo la USB.

Chomaliza, batire ya foni imatha msanga pa ntchito imeneyi. Gulani adaputa yokhala ndi bowo lachiwiri la tchaja, kuti filimu isadukire pakati anthu atasonkhana kale.

Tsalani bwino nonse, tidzakumananso sabata ya mawa.