Buku la ndalama ndi sitetimenti ya ku banki zikasiyana: zimene anafotokoza woona za chuma

Pa msonkhano wa eni mabizinesi ndi atsogoleri a makopaletivi a m'wadi muno, mkulu woona za chuma kukhonsolo anayankha funso limene asungichuma ambiri amakhala nalo: n'chifukwa chiyani ndalama zolembedwa m'buku sizifanana ndi zimene banki ikuonetsa pakutha pa mwezi? Iwo anati kusiyanako sikutanthauza kuti wina waba. Chimene chimafunika n'chakuti kwacha iliyonse ya kusiyanako idziwike kumene yachokera.

Pofuna kuti nkhaniyi imveke, anapereka chitsanzo chongoyerekeza cha kopaletivi imene ili ndi chigayo. Pa 30 Juni buku lake likusonyeza K845,000, pamene sitetimenti ikusonyeza K1,092,500. Kusiyana kwake ndi K247,500.

Ntchito imayamba ndi kuyala buku ndi sitetimenti pamodzi, n'kumachonga mzere uliwonse umene ukupezeka mbali zonse ziwiri ndi nambala yofanana. Mizere yotsala yosachonga ndiyo imafotokoza nkhani yonse, ndipo ili m'magulu awiri amene sayenera kusakanizidwa.

Gulu loyamba ndi la zinthu zimene banki ikudziwa koma buku silikuzidziwa. Pa sitetimenti ya kopaletiviyo pali K6,500 imene banki yadula posamalira akaunti, komanso K120,000 imene sukulu ina inatumiza mwachindunji polipira ngongole yogayitsa chimanga, osauza msungichuma. Zimenezi n'zochitika kale, choncho zimalembedwa m'buku: K845,000 kuphatikiza K120,000, kuchotsapo K6,500, zikhala K958,500.

Gulu lachiwiri ndi la zinthu zimene zili m'buku koma sizinafike pa sitetimenti. Pa 27 Juni kopaletiviyo inalemba cheke cha K200,000 kwa wogulitsa masefa ndi malamba a chigayo, koma iye sanachipititsebe kubanki. Ndiponso K75,000 ya tsiku lomaliza la mwezi inakaikidwa madzulo ndipo inaonekera pa 1 Julayi. Apa mkuluyo anachenjeza kuti buku lisakhudzidwe, pakuti linalembedwa bwino, banki yangotsalira m'mbuyo. Masamu ake amachitidwa papepala lapadera: K1,092,500 kuchotsa K200,000, kuphatikiza K75,000, zikhala K967,500.

Mbali ziwirizi zikusiyanabe ndi K9,000. Asungichuma ena akafika pamenepa amangolemba kuti “zina ndi zina” n'kutseka buku, chizolowezi chimene mkuluyo anachidzudzula kwambiri, chifukwa nambala yaing'ono imatha kubisa zolakwika ziwiri zikuluzikulu zimene zangotsala pang'ono kufafanizana. M'malo mwake anaphunzitsa njira imene akalaliki amagwiritsa ntchito: ngati kusiyana kukugawika ndi 9 popanda chotsala, n'kutheka kuti manambala anasinthanitsidwa polemba. Atabwerera ku malisiti, zinapezeka kuti magetsi anagulidwa a K45,000, koma m'buku munalembedwa K54,000. Buku linachotsa K9,000 yoposa imene inatulukadi. Atakonza, buku linafika pa K967,500, ndipo mbali zonse zinagwirizana.

Nambala imeneyi ndiyo ndalama zenizeni za kopaletiviyo. Komiti imene ingayang'ane uthenga wa pafoni, n'kuona K1,092,500, n'kugamula zogula injini ya K1,000,000, idzasiya K92,500 yokha m'akaunti. Mwini cheke uja akapita nacho kubanki chidzabwezedwa, ndipo kopaletiviyo idzadulidwa ndalama ya chilango n'kutayanso chikhulupiriro cha wogulitsayo.

Mkuluyo anatsindika kuti pepala la mwezi uno likhale poyambira pa mwezi wotsatira. Chinthu choyamba kufufuza pa sitetimenti ya Julayi ndi K75,000 ija ndi cheke chija. Ndalama zoikidwa ziyenera kuonekera m'masiku ochepa. Zikatha sabata osaoneka, msungichuma atenge kapepala kodindidwa koikira ndalama n'kukafunsa kubanki, ndipo ngati kapepalako kulibe, komiti ifunse munthu amene anatumidwa. Cheke chikhoza kuchedwa, koma chikadutsa miyezi 6 banki sichilandiranso. Zikatero ndalamazo zimabwezeretsedwa m'buku ndipo ngongoleyo imalipidwanso mwatsopano.

Mayi wina anafunsa ngati msungichuma angagwire yekha ntchitoyi. Yankho linali lakuti munthu wonyamula ndalama kupita nazo kubanki asakhalenso woyerekezera mabukuwo, popeza akhoza kulemba ndalama zimene wagwiritsa ntchito ngati “zimene zili panjira” mwezi ndi mwezi. M'gulu laling'ono, mlembi akhoza kuwerengetsera, kenako wapampando aone sitetimenti yeniyeni yochokera kubanki, asayine pepalalo ndi kulembapo tsiku lisanaikidwe m'fayilo.