Njinga Yamoto M'buku la Malonda

Usiku uno tiyeni tiganizire za mnzathu wochokera ku Malawi amene akhala ku Irene, kufupi ndi Pretoria, nagwira ntchito yoperekera zakudya m'makomo a anthu. M'mwezi wa Marichi wagula njinga yamoto pa mtengo wa marandi 24,000. Tsono wakhala pansi ndi buku lake, nafunsa: kodi ndalama izi azilembe pamodzi ndi za petulo, kapena azilembe monga chuma chokhalitsa?

Tinene kuti mwezi umenewo analandira marandi 15,000, nawononga 9,000 pa petulo, lendi ndi zina. Akaika njinga yonse pa zowonongedwa, buku lidzanena kuti wataya 18,000. Limenelo ndi bodza, pakuti njinga iri pakhomo ndipo idzamtumikira zaka zingapo. Petulo amatha lero lomwe, koma njinga imaperepeseka pang'onopang'ono, ndipo buku liyenera kutsata kuperepesekako.

Bungwe la msonkho la dzikolo, SARS, limawerengera njinga yamoto zaka zinayi. Chotero mnzathuyo alembe 24,000 pa tsamba la chuma, ndipo chaka ndi chaka achotsepo 6,000, ndiwo marandi 500 pa mwezi. Ndalama yokhayi ndiyo ilowa pa zowonongedwa, ndipo phindu lenileni la Marichi likhala 5,500. Akadagula mu Seputembala akadachotsa 3,000 yokha chaka choyamba, popeza chaka cha msonkho cha munthu wamba chimatha mu Febuluwale.

Pali malire ena. Kanthu ka mtengo wosafika 7,000, monga chisoti, bungweli limalola kukalemba konse pa zowonongedwa nthawi imodzi. Oilo, matayala ndi kukonzetsa mabuleki nazonso ndi zowonongedwa, chifukwa zimangosunga njinga monga inaliri. Ndipo anyamata ambiri amene muwaona m'misewu ya Pretoria ndi bokosi kumbuyo sanagule konse njingazo. Amalipira mwini wake mlungu ndi mlungu. Kwa iwo palibe chuma cholemba, malipirowo ndi lendi basi. Amene amakweranso njinga popita kutchalitchi kapena kukacheza kwa abale, asaiwale kuti gawo la maulendo ameneŵa silichotsedwa pa msonkho.

Tsiku lotsazikana ndi njinga ndi pamene buku limaonetsa ntchito yake. Patapita zaka ziŵiri mtengo wake m'buku ndi 12,000. Akaigulitsa pa 15,000, marandi 3,000 apamwambawo amaŵerengedwa pa zolandira ndipo amakhoma msonkho. Akuba akaitenga iri yopanda inshuwalansi, 12,000 yonseyo yatayika. Chifukwa chake chiphaso chogulira achisunge bwino, chokhala ndi tsiku ndi mtengo, pakuti a msonkho akadzafunsa adzayambira pomwepo.

Tsalani bwino.