Gitala: zala zikamapweteka, makodi akamakana

Anzanga, zala kupweteka sivuto, khungu limakhakhala pakatha masabata awiri kapena atatu. Ingosewerani mphindi 10 m'mawa, zina 10 madzulo. Matuza akatuluka, pumani kaye.

Tsono tiyeni pa C ndi Am. Chala cholozera ndi chapakati sizisuntha, chimayenda ndi chala cha mphete chokha, kuchoka pa fureti 3 ya waya wachisanu kupita pa fureti 2 ya waya wachitatu. Sinthani pang'onopang'ono mphindi imodzi osakhwatcha, kenaka lizani waya mmodzimmodzi. Wina akamalira ngati njuchi, musafinye mwamphamvu, mungodzipweteka. Sendezani chalacho pafupi ndi kachitsulo ka fureti. Zikhadabo zazitalinso, achemwali, wengani.