Chifuwa chouma chikapitirira masabata awiri

Ndikufuna tikambirane za chifuwa chouma, chija chongoti kho kho popanda makhololo, chomwe ambirife timati ndi fumbi basi.

Nthawi zambiri chimakhaladi chosaopsa. Chimfine chikatha, kukhosi kumatsala kukuyabwa kwa masiku angapo. Utsi wa mbaula, fumbi la mu Okutobala, mphumu ndi chilungulira nazonso zimatsokomoletsa. Vuto ndi lakuti chifuwa chachikulu, chomwe timachitcha TB, chimathanso kuyamba chouma chomwecho. Magazi aja timaganiza kuti ndiye chizindikiro chake amabwera mochedwa, ndipo ena sawaona n'komwe. Ndiye musamvetsere kalilidwe ka chifuwa, werengani masiku. Akakwana 14 chisanathe, pitani mukayezetse. Ngati muli ndi kachilombo ka HIV, kapena mumagona nyumba imodzi ndi wodwala TB, musadikire n'komwe masiku 14 amenewo.

Ndinaziona pa msuweni wanga, yemwe amayendetsa kabaza. Sabata yoyamba anati ndi mphepo ya m'mawa. Yachiwiri anagula mankhwala amadzi a chifuwa ndi makapisozi pagolosale, n'kumva ngati zapepuka. Yachitatu anayamba kutentha thupi madzulo okha, usiku n'kumadzuka malaya atanyowa ndi thukuta pomwe kunali kozizira. Nsima ankasiya theka, ndipo lamba anaboola bowo lina. Zizindikiro zimenezi, kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuwonda, zikaphatikizana ndi chifuwa, nkhani ya fumbi ija iiwaleni. Koma iye anapita kuchipatala pa sabata yachisanu, ndipo nthawi yonseyo ankagona chipinda chimodzi ndi azing'ono ake awiri, mawindo otseka.

Kuchipatala anamupatsa kabotolo koti aikemo makhololo, ndipo apa ndi pomwe a chifuwa chouma amavutika. Iye anangolavuliramo malovu. A ku labu anamubweza, chifukwa tizilombo timakhala m'mapapo, ndipo malovu akhoza kuonetsa kuti mulibe TB pomwe muli nayo. Anamuphunzitsa chonchi: m'mawa mutangodzuka, musanadye, chukuchani m'kamwa ndi madzi. Tulukani panja potalikira anthu, osati m'bafa kapena m'chimbudzi. Kokani mpweya wambiri, ugwireni pang'ono, n'kuutulutsa pang'onopang'ono. Chitani zimenezi katatu, kenako tsokomolani mwamphamvu kuchokera pansi pa chifuwa. Zotuluka zikhale zonanda, ndipo zokwana kasupuni ka tiyi n'zokwanira. Tsekani bwino kabotoloko, sambani m'manja, n'kukapereka tsiku lomwelo.

Makhololo amawayeza pa maikulosikopu kapena pa makina otchedwa GeneXpert. Makinawa amatenga pafupifupi maola awiri, ndipo amaonetsanso ngati tizilomboto tikukana mankhwala a rifampisini. Koma ngati chipatala chanu chimatumiza makhololo kwina, zotsatira zimatenga masiku, ndiye funsani tsiku loti mubwerere ndipo mubweredi. Zikakanika kutuluka, nenani, musangotaya kabotolo n'kubwerera kunyumba. Pali ekisire ya pachifuwa. Ndipo zotsatira zikati mulibe koma chifuwa chikupitirira, bwereraninso, chifukwa kuyeza kamodzi kumatha kuphonya.

Za makapisozi a pagolosale zija, chonde tisiye. Amokisilini sapha tizilombo ta TB, amangokutayitsani masabata. Sipurofulokisasini ndiye woipirapo, chifukwa amatha kuchepetsa chifuwa kwakanthawi n'kusokoneza zoyeza, matenda ali chikhalire.

Msuweni wanga anapezeka nayo. Mankhwala ndi aulere m'zipatala za boma, ndipo amamwa tsiku lililonse kwa miyezi 6: miyezi iwiri yoyamba mitundu inayi yophatikizidwa m'piritsi limodzi, miyezi inayi yotsalayo mitundu iwiri. Tsiku loyamba anathamanga kudzatiuza kuti akukodza magazi, koma ndi rifampisini amene amafiiritsa mkodzo, sizoopsa ayi. Choopsa ndi maso kusanduka achikasu, kusanza kosalekeza kapena kuona mwachimbuuzi. Zikatero thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Atsikana, dziwaninso kuti mankhwala omwewa amafooketsa mapiritsi olera ndi kolera ka pamkono, choncho muwauze anamwino njira yomwe mukugwiritsa ntchito.

Patatha mwezi umodzi chifuwa chinali chitatha, iye n'kufuna kusiya. Apa mpomwe panali nkhondo kwathu, chifukwa kusiyira panjira kumabweretsa TB yokana mankhwala, yomwe ndi yovuta kwambiri kuchiza. Amayi ake anasankhidwa kukhala omuyang'anira, ndipo ankachonga pakhadi m'mawa uliwonse akameza. Mbale ndi kapu sanamupatulire, poti TB imayenda mu mpweya, osati m'ziwiya. Anangotsegula mawindo, ndipo azing'ono ake aja anawatengera kuchipatala kukayezedwa nawonso.