Kusiya ntchito pa 55: mudzadya chiyani penshoni isanayambe?

(Mawu amene mlendo wathu anayankhula pa msonkhano wa kalabu Loweruka lapitali)

Ambiri mwandiuza kuti mukufuna kudzasiya ntchito yolembedwa pa zaka 55. Chabwino, koma tiyeni tiwerengere limodzi.

Kuno ku Malawi, bwana amakuikirani 10 peresenti ya malipiro anu ku penshoni, inu n'kuikapo 5. Koma zaka zoyambira kulandira zili m'malamulo a thumba la penshoni la kuntchito kwanu, ndiye kafunseni. Tinene kuti akuuzani 60. Ndiye kuti pali zaka zisanu, miyezi 60, yopanda malipiro komanso yopanda penshoni. Nthawi zina lamulo limalola kutapako msanga, komatu mukatero mwadya mbewu: ya pamwezi idzachepa mpaka imfa.

Titenge munthu amene pakhomo pake pamatha K400,000 pamwezi. Akasiya ntchito, thandizo la kuchipatala la kukampani limathera pomwepo, ndiye tiwonjezere K50,000. Yakwana K450,000. Kwa miyezi 60, imeneyo ndi K27 miliyoni.

Tinene kuti ali ndi kanyumba ka lendi ka K150,000. Musawerengere miyezi 12 ayi, werengerani khumi, chifukwa alendi amathawa ndipo denga limadontha. Pachaka ndi K1.5 miliyoni, pa zaka zisanu K7.5 miliyoni. Yotsala yoti asunge yekha ndi K19.5 miliyoni.

Akayamba ali ndi zaka 30, ali ndi miyezi 300, ndiye K65,000 pamwezi yakwana. Akadikira mpaka 45, miyezi yatsala 120 yokha, ndipo afunika K162,500 mwezi uliwonse. Mwaiona kusiyana kwake?

Tsono apa mumvetsetse. Masamu onsewa ndi a mitengo ya lero. Zinthu zikamakwera ndi 25 peresenti pachaka, pakangotha zaka zitatu mtengo umakhala pafupifupi kawiri. Mukukumbuka Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti? Ndiye K65,000 ija muziikweza chaka chilichonse molingana ndi mitengo, komanso muiike pamene ikubereka. Muziyerekeza chiwongoladzanja chimene mukulandira ndi kukwera kwa mitengo. Banki ikakupatsani 10 pamene zinthu zakwera ndi 25, ndalama yanu ikusungunuka ngakhale nambala ikukula. Kafunseni kubanki za kukongoza boma kwa masiku 91, 182 kapena 364, ndipo musaike zonse malo amodzi, ngakhale ku banki mkhonde.

Chomaliza, mukadzafika 54, yesani kaye. Chaka chonse mudye ndalama yokhayo imene mwakonza, malipiro otsalawo musawakhudze. Mukapezeka mwatapako, mwina chifukwa cha fizi ya mwana kapena maliro kumudzi, dziwani kuti masamu sanakwane. Kalata yosiyira ntchito ija ibakhala m'thumba.

Mafunso abwere.